Pulopozo ya mijigo ya kumudzi kwathu yalowa, koma ndavutika nayo

Dzulo ndi pomwe anaidinda kuti yalandilidwa, patatha miyezi iwiri ndikungozungulira muno mu Lusaka ndi envulopu m'manja. Kwathu ndi ku Katete, ine ndimakhala ku Matero, ndiye akomiti ya madzi kumudzi anati popeza muli pafupi ndi maofesi tilembereni ndinu pulopozo yopempha ndalama. Nkhani yake ndi mijigo itatu yomwe inafa, yonse ya mtundu wa Indiya Maki II, mapaipi anadyeka ndi dzimbiri ndipo azimayi anabwerera kukatunga kudambo.

Ulendo woyamba anandibwezera pepala lisanafike n'komwe kwa abwana. Mayi wa pa desiki anangoona tsamba lachiwiri nati, "Bambo, apa pa cholinga mwalemba kuti kukonza mijigo itatu. Imeneyo ndi ntchito, si cholinga. Mukakonza ndiye chisinthe n'chiyani kwa anthu?" Zinandiwawa koma amanena zoona. Obujekitivu, chomwe ndi cholinga chija, imafuna munene amene athandizike, chomwe chisinthe, mochuluka bwanji komanso pofika liti. Yomwe inadutsa inali yakuti pakutha kwa miyezi 12, mabanja 140 a m'midzi itatu azitunga madzi abwino mosapitirira mphindi 30 kupita, kudikira pamzere ndi kubwerera, kuchoka pa maola awiri omwe akutenga panopa. Mphindi 30 zimenezo sindinazipeke ayi, ndi muyeso womwe mabungwe a zamadzi amagwiritsa ntchito padziko lonse, ndiye owerenga akauona amadziwa kuti munthuyu wafufuza.

Koma nambala ya maola awiriyo ndinalibe poyamba. Ndinangolemba kuti amayenda mtunda wautali. Fomu imafuna nambala ya mmene zinthu ziliri lero, chifukwa popanda imeneyo palibe angadziwe kumapeto ngati zasintha. Ndinachita kukwera basi mpaka ku Katete, tsiku lathunthu pamsewu, kukakhala ndi anyakwawa kuwerenga mabanja ndi kuyenda ndi azimayi kudambo wotchi ili m'manja. Mukanakhala inu mukanatuma wina kumudzi kuti achite zimenezi musanayambe kulemba, ine ndinaphunzira mochedwa.

Pomwe ndinasokonezeka kwambiri ndi pa autiputi ndi autikamu, ndinkaona ngati ndi chinthu chimodzi chongolembedwa kawiri. Mlamu wanga yemwe anagwirapo ntchito za mapulojekiti ndi amene anandimasulira. Anati autiputi ndi chomwe mungachiloze ndi chala tsiku lomwe ntchito yatha, ndipo chili m'manja mwanu: mijigo itatu ikutulutsa madzi, anthu 30 a m'makomiti aphunzitsidwa, madzi ayezedwa ndipo pepala la zotsatira lilipo. Autikamu ndi chomwe chimachitika anthu akayamba kugwiritsa ntchito zinthuzo, ndipo chimaoneka patapita nthawi: azimayi asiya kudambo, komiti ikutolera ndalama mwezi ndi mwezi, mjigo ukafa ukukonzedwa sabata isanathe. Anthu 30 kukhala pa maphunziro masiku awiri sizitanthauza kuti ndalama itoleredwa, mwaona kusiyana kwake? Ndinalembanso poyamba kuti matenda otsegula m'mimba atha. Mlamu anati chotsani, mulibe kaundula wa kuchipatala, komanso matendawo amabweranso ndi zimbudzi ndi kusasamba m'manja, zomwe pulojekiti yanu sikhudza. Osalonjeza chomwe simungathe kuchiyeza.

Tsopano chinthu chimodzi chomwe ndikupemphani, ikani nambala pa ntchito iliyonse ndipo nambala yomweyo ioneke pa mzere wa bajeti. Ntchito 1.1 kutulutsa mapaipi akale ndi kutsuka dzenje, 1.2 kuika mapaipi atsopano, 1.3 kumanganso simenti yozungulira ndi ngalande, 1.4 kuyeza madzi, 2.1 kuphunzitsa makomiti. Mukatero mumaona nokha pomwe pali ntchito yopanda ndalama. Ineyo kuyeza madzi ndinakulemba bwinobwino m'mawu koma mu bajeti munalibe ngakhale ngwee imodzi, ndipo anandibwezeranso chifukwa cha zimenezo.

Mzere wa bajeti usakhale wakuti maphunziro K5,000 basi. Amafuna aone masamu ake. Anthu 30, masiku awiri, chakudya K80 munthu mmodzi patsiku, zikukwana K4,800, ndipo wophunzitsa ndi mayendedwe ake ali pa mzere wawo. Mapaipi chimodzimodzi, paipi imodzi ndi mamita atatu, silinda yopopa madzi ili pansi pa dzenje pa mamita 30, ndiye mapaipi 10 pa mjigo, 30 pa mijigo itatu, kuchulukitsa ndi mtengo wa pa koteshoni. Tinasankha osachita dzimbiri ngakhale ndi odula, ndipo ndinalemba chifukwa chake pansi pa mzerewo, kuti akale aja anadyeka ndi madzi a m'dera lathu ndipo kugulanso omwewo ndi kutaya ndalama. Chiganizo chimodzi chokhacho chinandipulumutsa ku mafunso ambiri.

Koma za makoteshoni, mwandi, mpaka pano mtima ukuwawabe. Amafuna atatu pa katundu aliyense wamkulu, odindidwa, ochokera m'mashopu olembetsedwa. Ndinayenda tauni yonse ndi wapansi dzuwa likuswa mtengo, ena kukana kulemba ati mumangotitayitsa nthawi simugula, ena kufuna ndalama kuti adinde. Ndinawapeza atatu. Ndiye poti pulopozo inabwezedwa kawiri, pomwe ndinkabwerera kachitatu masiku 30 omwe analembedwa pansi pa makoteshoni anali atadutsa. Ndinafika pa ofesi ija 8 koloko, ndinakhala pa benchi mpaka 14 koloko chifukwa wolandira mapepala anali ku msonkhano, atabwera anangoyang'ana deti nati akutha awa, katengeni ena. Maola sikisi kuti andiuze chinthu chomwe aliyense wa pa geti akanandiuza m'mawa! Tsiku limenelo ndinali nditapempha kuntchito, ndipo silinabwerere. Choipa china mitengo inali itakwera, ndiye bajeti yonse kuyambiranso, ndi nambala ya patsamba loyamba yomwe, chifukwa ikasiyana ndi ya pansi pa bajeti amabwezanso. Makoteshoni muzitenga pomaliza, zolemba zonse zitavomerezedwa.

Ndaiwala za gawo la mudzi. Anthu akwathu analonjeza mchenga, miyala, njerwa ndi manja awo, ine ndinangolemba kuti mudzi uthandiza. Ayi, chilichonse chiikidwe mtengo, ngolo zingati za mchenga pa mtengo wanji, anthu angati masiku angati, ndipo chikhale m'danga lakelake pambali pa ndalama zomwe mukupempha. Kalata ya anyakwawa ndi maminitsi a msonkhano wa mudzi, osainidwa, zimapita limodzi. Ndalama ya zadzidzidzi funsani kaye ngati amalola, awa analola 5 peresenti yokha, ndipo mzere wakuti zina ndi zina anaukana.

Ndibwerezenso za manambala aja, chifukwa usiku womaliza ndi omwe anandigwirira cholakwa china. Ndinatenga pensulo n'kumayenda kuchoka pa mzere wa bajeti kupita ku ntchito, ku autiputi, ku autikamu mpaka ku cholinga, umodzi umodzi. Ndinapeza njinga ya K2,500 yomwe amalume anaumirira kuti ilowe, koma inalibe ntchito iliyonse yoikokera. Ndinawaimbira usiku womwewo, anati ndi ya wokonza mijigo kuti aziyendera midzi itatuyo mwezi uliwonse. Ndiye tinalemba ntchito 2.2, kuyendera mijigo kamodzi pamwezi ndi kulemba m'buku, njinga n'kukhala ndi poima. Ati yankho lituluka pakatha miyezi itatu, ndipo ndapempha akomiti kuti ayambiretu kutolera ndalama ya mwezi kuti a ku ofesi akabwera kudzaona malo akapeze buku lili ndi mayina kale.