Malikisi kaye, zokambirana pambuyo: momwe tinalembera kalaliki wa pa sikelo

Kopaletivu yathu ya alimi a soya ndi mtedza, kuno ku Santhe m'boma la Kasungu, inkafuna kalaliki wa pa sikelo nyengo yogula mbewu isanafike. Ntchito yake ndi kuyeza matumba, kulemba malisiti, kuchotsa ngongole ya mbewu imene mlimi anatenga, ndi kusunga buku la katundu wolowa ndi wotuluka. Komiti inasankha anthu atatu oti tichititse intavyu: apampando, mayi msungichuma ndi ine mlembi. Pa makalata amene tinalandira, tinaitana anthu asanu ndi mmodzi.

Ambiri amene timakhala pa mipando yotere sitidziona ngati okondera, ndipo timanena zoona tikamati sitinadye kanthu ka munthu. Koma kukondera kwa pa intavyu sikudikira chiphuphu. Kumabwera ndi mawu abwinobwino, monga akuti "mnyamatayu wandigwira mtima" kapena "ameneyu ndiye tingamvane naye". Munthu akangolowa pakhomo, maso aona kale nsapato, khutu lamva kale Chingerezi chake, ndipo mtima wagamula asanakhale n'komwe pansi. Mphindi zotsalazo timangofufuza umboni woti tinalondola. Amene tamukonda akalakwitsa timati ndi mantha chabe, amene sitinamukonde akalakwitsa zomwezo timati sadziwa ntchito.

N'chifukwa chake ntchito yaikulu tinaigwira dzulo lake, tisanaone nkhope ya aliyense. Tinakhala pansi n'kufunsana kuti kalaliki wa pa sikelo amalephera pati. Mayi msungichuma, amene amakumana ndi mabukuwo mwezi ndi mwezi, anatchula zinthu zinayi: masamu olakwika, malisiti osawerengeka, kugonjera mbale kapena mnzake wofuna kuonjezeredwa makilo, ndi kupsa mtima pamene mzere watalika dzuwa likuswa mtengo. Pa zinayi zimenezi palibepo Chingerezi, palibepo taye. Choncho tinagwirizana kuti intavyu ikhale ya m'Chichewa, poti alimi amene adzaime pa sikelopo amayankhula Chichewa.

Tinalemba mafunso anayi, ofanana kwa aliyense ndiponso ofunsidwa m'ndondomeko imodzi, lililonse la malikisi 5. Njira imeneyi sinayambe ndi ife. Akatswiri awiri a ku America, Schmidt ndi Hunter, atasonkhanitsa kafukufuku wa zaka zambiri, analemba mu 1998 kuti intavyu ya mafunso okonzeratu imalosera bwino kagwiridwe ka ntchito kuposa yongocheza. Komabe mafunso paokha sakwanira. Chimene chinatidyera nthawi, ndipo ndi chimene ndikuona kuti ambiri amachidumpha, ndi kulemberatu kuti yankho la malikisi 1 limamveka bwanji, la 3 bwanji, la 5 bwanji.

Tengani funso lathu lachitatu: "Malume anu abwera ndi soya wonyowa pang'ono, ndipo akuti mungowalandirira poti ndinu mwana wawo. Muchita chiyani?" Tinalemba kuti likisi 1 ndi la munthu amene akuti alandira, kapena amene akuzungulira osayankha. Malikisi 3 ndi a amene akuti akana chifukwa ndi lamulo, basi. Malikisi 5 ndi a amene akana, n'kufotokoza kuti soya wonyowa amachita nkhungu n'kuononga matumba oyandikana nawo, kuwauza malumewo kuti akayanike abwerenso, ndiponso kuitana wa komiti kuti ayeze m'malo mwake poti ndi wachibale. Mukalemberatu chotero, pa tsikulo simufunsanso mtima wanu kuti wakondwa kapena ayi. Mumangoyang'ana pepala: wanena zimenezi kapena sananene? N'chimodzimodzi kuika sikelo pa ziro thumba lisanakwerepo.

Pamwamba pa mafunsowo tinaikapo ntchito yeniyeni ya malikisi 10, yolemba papepala m'mphindi 15. Mlimi wabwera ndi matumba 7 olemera makilo 52, 49, 51, 50, 48, 53 ndi 47. Mtengo tinangoyerekeza kuti ndi K1,200 pa kilo, ndipo mlimiyo ali ndi ngongole ya mbewu ya K35,000. Lembani lisiti. Yankho lake ndi makilo 350, ndalama K420,000, ndipo mlimi apite ndi K385,000. Pa mapepalawo sanalembepo maina. Aliyense tinamupatsa nambala, ndipo mndandanda wa maina ndi manambala unasungidwa ndi mlonda mu envulopu mpaka titamaliza kuchonga.

M'mawa wa tsikulo, tisanaitane woyamba, tinawerenga maina mokweza n'kufunsana ngati pali amene akudziwana ndi wina. M'dera ngati lathu n'zosatheka kuti onse akhale alendo, ndipo kudziwana si mlandu. Mlandu ndi kubisa. Apampando anati mnyamata woyamba pa mndandanda amaimba kwaya ku tchalitchi kwawo. Tinagwirizana kuti akhalebe m'chipindamo poti si wachibale, koma tilembe zimenezi m'mabuku. Mnyamatayo akanakhala mphwawo kapena mlamu wawo, apampando akanatuluka, n'kulowa wina wa komiti wochonga onse asanu ndi mmodzi, chifukwa kusintha wochonga pa munthu mmodzi yekha kumasokoneza malikisi.

Chovuta kwambiri kwa ife Amalawi ndi malonje. Mlendo akakhala pansi, pakamwa pamayabwa kufunsa kuti kwanu n'kuti, mfumu yanu ndani, ndinu a Phiri a kuti, mumapemphera mpingo wanji. Pakhomo ndi ulemu. Pa intavyu ndi pamene pamalowera kukonda wofanana nawe, chifukwa munthu akangotchula mudzi wa amayi ako kapena sukulu imene unaphunzirako, wasanduka mwana wa kwanu ndipo khutu lako lafewa. Komanso lamulo la za ntchito la 2000, pa gawo 5, limaletsa kusala munthu polemba ntchito chifukwa cha mtundu, chiyankhulo, chipembedzo, ndale, kulumala, kukhala mwamuna kapena mkazi, kukhala pabanja kapena ayi, ngakhalenso udindo wosamalira banja. Tinapangana kuti moni ukhale umodzi kwa onse: mwayenda bwanji, khalani pansi, madzi awo. Funso loti "ana adzatsala ndi ndani mukamagwira ntchito mpaka madzulo", limene amafunsidwa amayi okha, tinalichotseratu. M'malo mwake aliyense, mwamuna ndi mkazi yemwe, tinamuuza maola a ntchito n'kumufunsa ngati angakwanitse.

Woyamba analidi mnyamata wa kwaya uja, wooneka bwino, womasuka, woyang'ana m'maso poyankha. Inenso anandisangalatsa. Atatuluka, apampando anapumira m'mwamba n'kuyamba kuti, "Koma mwana ameneyu…" Mayi msungichuma anawadula mwaulemu: "Apampando, tilembe kaye, tikamba pomaliza." Limeneli ndiye linali pangano lathu lalikulu. Aliyense alembe malikisi ake yekha, pambali pa likisi lililonse alembe mawu amene munthuyo wanena, atembenuze pepala, ndipo pasakhale ndemanga ngakhale ya pankhope. Wamkulu akangoyamba kuyamikira, ife ang'onoang'ono timakweza malikisi osazindikira n'komwe, ndipo anthu atatu amasanduka munthu mmodzi.

Polemba m'pamene ndinaona kusiyana kwa zimene ndinamva mumtima ndi zimene zinanenedwa. Pa funso la malume, mnyamatayo anayankhula nthawi yaitali za kukhulupirika ndi kuopa Mulungu, koma za chinyezi sanatchule, za kuitana wa komiti sanatchule. Pepala linati malikisi 3, ndipo ndinalemba 3.

Wachiwiri anali ndi tsoka lobwera pambuyo pa munthu wodziwa kuyankhula. Wotsatira wotere amaoneka wozizira kuposa momwe alili, monganso wobwera pambuyo pa wolephera amaoneka katswiri. Mankhwala ake ndi omwewo: muyerekezeni ndi zimene munalemberatu, osati ndi amene wangotuluka.

Wachinayi anali mayi wochokera cha ku Nkhamenya, kumpoto kwa boma lino, amene Chichewa chake chinkamveka Chitumbuka. Nthawi yonse ankayang'ana pansi. Ena amati wosayang'ana m'maso akubisa kanthu, koma tonse tikudziwa kuti ambiri tinaleredwa kuti kuyang'anitsitsa wamkulu ndi mwano. Mayankho ake anali aafupi. Pa funso la malume anati: "Ndiwauza kuti akayanike masiku angapo, chifukwa akalowa choncho aola ndipo aoletsa ena. Komanso sindingayeze ine, ndiitana a komiti." Ziganizo ziwiri zokha, koma zonse zimene tinalemba pa malikisi 5 zinalimo. Wachisanu anali bambo wina wachikulirepo amene anagwirapo ntchito pa esiteti ya fodya, munthu woti pofika madzulo nkhope yake ndinali nditaiiwala. Pepala lokha ndi limene linamukumbukira.

Titamaliza tinachonga malisiti aja, kenako mlonda anabweretsa envulopu. Powerenga malikisi anayamba ndine, kenako mayi msungichuma, apampando pomaliza. Pamene tinasiyana ndi malikisi 2 kapena kuposa pa funso limodzi, aliyense ankawerenga mawu amene analemba. Zinachitika pa mnyamata woyamba: apampando anamupatsa 5 pa funso la malume, ife awiri 3. Atayang'ana pepala lawo anapeza kuti analemba "wayankha bwino kwambiri", popanda mawu a mnyamatayo. Anatsitsa okha, ndipo ndinawalemekeza chifukwa cha zimenezo. Mawu ngati "bwino", "wochangamuka" kapena "sakuoneka wodalirika" akapezeka okha papepala, ndi chizindikiro choti walemba ndi mtima, osati khutu.

Titaphatikiza malikisi a atatufe n'kugawa patatu, pa malikisi 30 mnyamata uja anapeza 20, poti pa lisiti anaiwala kuchotsa ngongole. Mayi wa ku Nkhamenya ndi bambo wa ku esiteti anafanana pa 24. Apa mpamene kukondera kukanabwerera pakhomo la kuseri, wina n'kuti mayiyo kwawo n'kutali, wina n'kuti bamboyo wakula. Mwamwayi tinali titalemba dzulo lake kuti akafanana, apambane wa malikisi ambiri pa lisiti. Mayiyo anali ndi 10, bamboyo 9 chifukwa sanalembe tsiku. Ntchito inapita kwa mayiyo, bamboyo tinamusunga ngati wachiwiri.

Pali malo amodzi amene njirayi sinafike, ndipo amandidetsabe nkhawa: kusankha oitanidwa. Anthu asanu ndi mmodzi aja anasankhidwa pa makalata okhala ndi maina, midzi ndi sukulu poyera, ndipo amene anatsala pamenepo sanapeze mpata woonetsa kuti amatha kulemba lisiti. Ndapempha komiti kuti ulendo wina munthu amene sali pa gulu lofunsa aphimbe maina ndi midzi, asiye poyera maphunziro ndi ntchito zimene munthu anagwirapo, ndipo nkhaniyi ili pa mndandanda wa zokambirana pa msonkhano ukubwerawu. Mapepala onse a malikisi tinawasainira atatu n'kuwatsekera mu kabati, ndipo atabwera abambo ake a mnyamata uja kudzafunsa chimene chinachitika, apampando anawayankha kuti mwana wawo abwere yekha adzaone lisiti lake.