Masiku awiri ndikuyeza foni yakale imene ndinagula pa intaneti

Phukusi litafika sindinalitsegule mwaphuma, ngakhale kuti mtima unkalakalaka kuona chimene ndinalipira. Ndinaimika foni yanga yakale patebulo kuti ijambule kanema wa zonse, kuyambira pamene ndinkadula tepi mpaka pamene foni yatsopanoyo inayaka, chifukwa malo amene ndinagulapo anapereka masiku ochepa okha obwezera katundu, ndipo pa mkangano wotere mawu a wogula opanda umboni salemera. Foniyo inali iPhone 12, mtundu umene unatuluka mu 2020, ndipo wogulitsa analemba kuti sinatsegulidwepo m'kati, ilibe loko aliyense, komanso kuti batire yake ili pa 96%.

Ndinayamba ndi nambala ya IMEI, imene ndi nambala ya manambala 15 yozindikiritsa foni iliyonse pa netiweki. Ndinalemba *#06# pamalo oimbira foni, nambalayo inatulukira, kenako ndinaiyerekeza ndi imene ili mu Settings > General > About ndiponso imene inazokotedwa pa kachitsulo kolowetsera simukhadi, popeza pa mtundu umenewu imalembedwanso pamenepo. Zitatu zonsezo zinagwirizana. Zikanasiyana ndikanadziwa kuti foniyo yalumikizidwa kuchokera ku zidutswa za mafoni angapo, kapena kuti kachitsuloko kanasinthidwa, ndipo wogulitsa akanayenera kufotokoza. Nambala yomweyo ndinaifufuza pa tsamba lina loona ngati foni inalembedwa kuti inabedwa kapena kutayika, ndipo inatuluka yoyera. Komabe sindinadalire kwambiri yankho limeneli, pakuti limangonena za tsikulo: mwini weniweni akhoza kukanena za kubedwa patapita sabata, foni n'kutsekedwa ili kale m'thumba mwanga. N'chifukwa chake ndinasunga lisiti ndi mauthenga onse a wogulitsa.

Nkhani ya loko ndi imene ndinaiika patsogolo pa zina zonse, chifukwa batire yofooka imasinthika, galasi losweka limasinthika, koma foni yomangidwa ku akaunti ya munthu wina ilibe ntchito ngakhale ikhale yonyezimira chotani. Yanga inafika itayatsidwa kale, ikuonetsa sikirini yoyamba ndi mapulogalamu ake, ndipo pamwamba pa Settings panalibe dzina la munthu. Ambiri amakhutira pamenepa, ndipo ndi pamene amagwera m'mbuna. Pali anthu amene amadziwa kulambalala kwakanthawi Activation Lock, loko womanga foni ku akaunti ya mwini wake, kotero kuti foni imaoneka yomasuka mpaka tsiku limene mudzaifufute, ndiyeno imabwerera pa uthenga wakuti iPhone Locked to Owner, kufuna akaunti ndi pasiwedi ya mwini wakale. Chifukwa chake n'chakuti lokoyo sakhala m'foni mokha, amakhala pa makompyuta a kampani yopanga, ndipo foni imakafunsa kumeneko nthawi iliyonse imene ikuyambitsidwa mwatsopano.

Choncho ndinaifufuta ndekha, kudzera mu Settings > General > Transfer or Reset iPhone > Erase All Content and Settings. Itayakanso ndinailumikiza ku Wi-Fi ndi kudutsa masitepe onse oyambitsira, maso ali pa zinthu ziwiri: uthenga wa loko uja, ndi tsamba lolembedwa Remote Management, limene limatanthauza kuti foniyo ndi ya kampani kapena bungwe limene likhoza kuilamulira lili kutali. Palibe chimene chinatuluka, ndipo ndinalowetsa akaunti yanga bwinobwino. Amene agula foni ya Android achite chimodzimodzi, chifukwa nayonso ili ndi Factory Reset Protection, imene imafuna akaunti ya Google ya mwini wakale ngati foni inafufutidwa akauntiyo isanachotsedwe.

Loko wa netiweki ndi wina, ndipo anatenga mphindi zochepa. Mu About, pa mzere wa Carrier Lock, panalembedwa No SIM restrictions. Ndinaikamo simukhadi yanga, ndinaimba, ndinalandira, ndinazimitsa Wi-Fi n'kutsegula intaneti ya pa simukhadi, kenako ndinabwereza zonsezi ndi simukhadi ya kampani ina imene ndinabwereka.

Kachitsulo ka simukhadi kali kunja, ndinawalitsa tochi m'kabowo kake. M'menemo muli kachizindikiro kakang'ono kamene kamakhala koyera kapena kasiliva, koma kamafiira kakakhudzidwa ndi madzi. Kanali koyera. Sikirini ndinaiyeza ndi chithunzi choyera paliponse, kenako chotuwa, kuwala nditakukweza mpaka kumapeto, pofuna kuona ngati pali mizere kapena zithunzithunzi za zinthu zakale zimene zinapserera, vuto limene masikirini a OLED, mtundu umene uli pa foniyi, amakhala nalo akakalamba. Pofuna kupeza malo akufa, ndinagwira chizindikiro cha pulogalamu imodzi mpaka chinayamba kunjenjemera, n'kuchikoka pang'onopang'ono m'mbali zonse ndi m'makona osachotsa chala. Chikanagwa pakati pa ulendo, pamenepo ndiye pakanakhala pakufa. Face ID, njira yotsegulira foni ndi nkhope, inalemba nkhope yanga popanda vuto, ndipo ichi ndinachiyeza mosamala chifukwa chikawonongeka si aliyense wokonza mafoni angachikonze. Maikolofoni alipo angapo, choncho ndinajambula mawu mu Voice Memos, kenako kanema ndi kamera yakutsogolo, kenako ndi yakumbuyo, ndipo ndinamvetsera zonse zitatu. Poimba foni ndinaonetsetsa kuti sikirini ikuzima ndikaiika kukhutu. Zonsezi zinayenda bwino, moti ndinayamba kuganiza kuti ndachita mwayi.

Batire ndi imene inandichedwetsa. Mu Settings > Battery > Battery Health & Charging, mzere wa Maximum Capacity unkaonetsadi 96%, monga momwe wogulitsa analembera. Koma nambala imeneyi sinandikhazike mtima pansi. Kampani yopanga imanena kuti batire ya mtundu umenewu inapangidwa kuti isunge pafupifupi 80% ya mphamvu yake ikatchajidwa modzaza maulendo 500, ndipo munthu wogwiritsa ntchito foni tsiku ndi tsiku amafika pamenepo m'zaka ziwiri kapena kuchepera. Foni yanga inali ndi zizindikiro za ukalamba: utoto unali utakhuluka pakamwa pa chaja, ndipo mabatani anali osalala ndi kugwiridwa. Kuti foni yotere ikhale pa 96%, ndiye kuti mwina batire inasinthidwa, kapena nambalayo ndi yabodza. Batire ikasinthidwa, kawirikawiri mu About mumatuluka gawo la Parts and Service History, limene limasonyeza ngati batireyo ndi yeniyeni ya Apple kapena yosadziwika. Gawo limenelo munalibe konse.

Chimene ndinkachiopa n'chodziwika bwino pakati pa okonza mafoni. Nambala ya pa sikirini si muyezo umene foni imapanga pamaso panu, koma imawerengedwa kuchokera ku kabolodi kakang'ono kamene kali pa batire, kamene kamasunga chiwerengero cha maulendo otchaja ndi mphamvu yotsala. Pali timakina timene timalembanso chiwerengerocho, kotero kuti batire yotopa imadzitcha yatsopano. Mapulogalamu a pakompyuta monga coconutBattery amawerenga kabolodi komweko, choncho ngati kanamizidwa, nawonso amabwereza bodza lomwelo. Ndinaiyesabe, ndipo inaonetsa maulendo 41 okha. Maulendo 41 pa foni yokhuluka utoto anangowonjezera kukayika kwanga.

Njira yotsala inali kuyeza mphamvu yeniyeniyo, imene palibe makina angailembenso. Madzulo ndinatchaja foni mpaka 100%, ndinaika kuwala pakati, n'kuseweretsa kanema wosungidwa m'foni momwemo, ndikulemba papepala nambala ya batire pa mphindi 30 zilizonse. Kuyambira 100% mpaka cha m'ma 40% inatsika mwadongosolo. Itafika pa 31% ndinatsegula kamera kuti ndijambule kanema, ndipo pasanathe mphindi ziwiri inali pa 17%. Pa 11% foni inazima yokha. Batire yathanzi simadumpha chotero. Yokalamba imalephera kupereka mphamvu yambiri nthawi imodzi, ndiye kamera kapena purosesa ikakoka kwambiri, mphamvu ya magetsi imagwa mwadzidzidzi ndipo foni imadziteteza pozima.

M'mawa mwake ndinabwereka kachipangizo kakang'ono kolumikiza pakati pa chaja ndi chingwe, kamene kamawerenga mphamvu yonse yodutsamo. Ndinayamba ndi kuyatsanso foni mobwerezabwereza mpaka inakana kuyaka, kenako ndinaitchaja kufika pa 100% itaikidwa pa Airplane Mode, sikirini ili yozima, ndipo ndinadikira mpaka kachipangizoko katasiya kusuntha. Batire ya iPhone 12 ikakhala yatsopano imasunga 2815 mAh, kapena kuti 10.78 Wh, muyezo wa mphamvu umene kachipangizoko kamawerenga. Popeza mphamvu ina imatayika ngati kutentha potchaja, batire imene ilidi pa 96% iyenera kumeza zoposa pamenepo, cha m'ma 12 Wh. Kachipangizoko kanaima pa 9.1 Wh. Ndinachotsapo pafupifupi 15% ya zotayika, panatsala 7.7 Wh, ndipo nditagawa ndi 10.78 ndinapeza pafupifupi 72%. Muyezo umenewu si wa mu labotale, ukhoza kuphonya ndi maperesenti angapo mbali iliyonse, ndipo n'chifukwa chake ndinaubwereza madzulo a tsiku lomwelo. Ulendo wachiwiri unapereka 9.3 Wh. Kuphonya kwa maperesenti angapo sikungafotokoze mtunda wa pakati pa 72 ndi 96.

Nditadziwa zimenezi ndinabwerera ku timisomali tiwiri ta pansi, m'mbali mwa pakamwa pa chaja, timene tsiku loyamba ndinangotiyang'ana modutsa. Nditatikuza ndi kamera ya foni yanga yakale, kamodzi kanali ndi mutu wokalika pang'ono, chizindikiro chakuti sikuludilaiva inadutsapo. Foni imene amati sinatsegulidwepo inali itatsegulidwa, ndipo zimenezi zikutanthauzanso kuti guluu wotchinga madzi kuzungulira sikirini sangadaliridwenso.

Wogulitsa ndinamulembera mwaulemu, popanda kumutcha wakuba, pakuti n'kutheka kuti nayenso anaigula itakonzedwa kale chotero. Ndinatumiza chithunzi cha pepala langa la manambala, zithunzi ziwiri za kachipangizo koyezera, ndi chithunzi cha kamsomali kaja, ndipo ndinawapempha kuti asankhe okha pakati pa kundibwezera ndalama zonse kapena kuchotsa mtengo wa batire yatsopano. Anayankha kuti iwo amangoona zimene sikirini yalemba, ndipo sangachotse kalikonse. Ndinatsegula dandaulo pamalo amene ndinagulapo tsiku lobwezera lisanadutse, ndinaikamo umboni womwewo pamodzi ndi kanema wotsegula phukusi, ndipo oyang'anira malowo anavomereza kuti foniyo ibwezedwe.

Nditaikulunga kale m'katoni, ndinakumbukira kuti akaunti yanga idakali m'menemo, ndipo Find My, imene imayatsa Activation Lock, ili yoyatsa. Ndikanaitumiza chotero, loko amene ndinkamuopa tsiku loyamba akanakhala wa dzina langa, ndipo wogulitsa akanakhala ndi chifukwa chomveka chokanira kubweza ndalama. Ndinamasulanso tepi, ndinatulutsa akauntiyo, ndinafufuta foni kachiwiri, ndipo ndinajambula IMEI yake pafupi ndi chikalata chotumizira ndisanatseke katoniyo.