Kujambula galafu ya sipuling'i ndi kupeza mzere woyenera

Ndinkayesa mmene sipuling'i imatalikira ndikapachikapo katundu. Pa magalamu 100, 200, 300, 400 ndi 500, utali wake unali masentimita 12.1, 13.9, 16.1, 17.8 ndi 20.1. Kulemera ndinakuika pa mzere wogona wa x chifukwa ndi kumene ndinkasintha ndekha, utali n'kupita pa mzere woimirira wa y. Sikelo ndinasankha yosavuta kuwerenga, yoti madontho amwazike kupitirira theka la pepala.

Madonthowo sindinawalumikize limodzilimodzi. Muyeso uliwonse umaphonya pang'ono, choncho chofunika ndi mzere umodzi wowongoka wodutsa pakati pa onse. Ndinayamba ndapeza avereji ya x, yomwe ndi 300, ndi ya y, yomwe ndi 16.0, poti mzere woyenera umadutsa pamenepo. Ndinaika rula yoonekera mkati pa (300, 16.0) n'kumaizunguza pang'onopang'ono mpaka madontho atagawikana bwino: atatu pamwamba, awiri pansi, onse pafupi ndi rula.

Kuwerenga madontho a mbali iyi ndi iyo sikokwanira. Ndimayang'ananso mmene atsatanirana. Anga ankasinthana, lina pamwamba lina pansi, ndipo lotalikira kwambiri linaphonya mzere ndi masentimita 0.2 okha, zomwe n'zosadabwitsa poyeza ndi rula wamba. Akanakhala kuti a kumapeto onse ali pamwamba, a pakati ali pansi, ndikanadziwa kuti zimene ndayezazo zikupindika, ndipo mzere wowongoka ndikungoukakamiza. Dontho likathawa lokha patali, ndimabwereza muyesowo ndisanaganize zolisiya. Likakhala la katundu wolemera kwambiri, mwina sipuling'i yakokedwa kupyola malire ake.

Giradiyenti, kapena kuti kupendekeka kwa mzere, ndinaipeza ndi malo awiri otalikirana a pa mzere umene ndajambula, osati manambala a m'tebulo. Ndinatenga (50, 11.0) ndi (450, 19.0):

`m = (19.0 - 11.0) / (450 - 50) = 0.02`

Ndiye kuti galamu iliyonse imatalikitsa sipuling'i ndi masentimita 0.02. Ndikanatenga madontho oyandikana a m'tebulo, a 300 ndi 400 akanandipatsa 0.017, a 400 ndi 500 n'kundipatsa 0.023. Sipuling'i ndi yomweyo, koma pa kampata kakang'ono kuphonya kochepa kumakula.

Pomwe mzere wadula y ndinawerenga masentimita 10, utali wa sipuling'i isanasenze kanthu. Kuwerenga kotereku kumatheka pokhapokha x yayambira pa 0. Ikayambira penapake, ndimagwiritsa ntchito `y = mx + c` ndi malo amodzi a pa mzere:

`c = 16.0 - 0.02 × 300 = 10`

Kenako ndinachotsa katundu yense n'kuyeza sipuling'iyo ndi rula, ndipo ndinapeza masentimita 10.1. Zikanasiyana kwambiri, ndikanayamba ndakayikira pomwe rula inayambira poyeza, chifukwa vuto limenelo limasuntha mzere wonse osakhudza giradiyenti.