Mmene mwana wanga anabwererera m'kalasi ataimitsidwa sukulu

Lachisanu lapitali mwana wanga wa Fomu 3 anabwerera m'kalasi, ndipo ndikulemba izi mtima utakhalako pansi, ngakhale kuti ndikakumbukira maulendo atatu amene ndinayenda kuchokera ku Area 25 kupita kusukulu yake, mkwiyo umayambiranso. Kulakwa analakwadi: anamenyana ndi mnzake m'kalasi, magalasi atatu a zenera n'kusweka. Chilango sindinatsutsane nacho. Chimene chinandizunza ndi kalata imene anabwera nayo, ya mizere inayi m'Chingerezi, yonena kuti waimitsidwa kwa masiku 10 ndipo adzabwere ndi kholo atakwaniritsa zofunika zonse. Zofunikazo sanazitchule, ndipo tsiku lobwerera sanalilembe.

Nkhani ya masikuyi ndi imene inandidyera tsiku loyamba. Mwanayo anam'bweza Lachitatu, ine n'kuwerenga masiku 10 pakalendala, n'kupeza kuti akutha Loweruka la sabata yotsatira, choncho Lolemba m'mawa tinakwera minibasi iye atavala yunifolomu yake yosita bwino. Achiwiri kwa ahedi, amene pasukulupo ndiwo amatsogolera komiti yoona za mwambo, anandiuza mwaulemu kuti iwo amawerenga masiku a sukulu okha, kuyambira Lachinayi, ndipo Loweruka ndi Lamlungu sawerengera. Mwa mawerengedwe awo panali patadutsa masiku 7 okha, kutanthauza kuti mwana abwere Lachinayi. Ndinafunsa kuti, “Aphunzitsi, nanga bwanji simunangolemba tsikulo m'kalatamu?” Iwo anayankha kuti, “Mayi, timalemba choncho nthawi zonse.” Ndinabwerera nditaononga ndalama ya minibasi ya anthu awiri, kupita ndi kubwera, ndiponso nditapempha tsiku kuntchito pachabe. Kholo lililonse lolandira kalata yotere lipite kapena liimbe foni tsiku lomwelo, ndipo lipemphe kuti tsiku, mwezi ndi ola lobwerera zilembedwe papepala lokhala ndi chidindo cha sukulu.

Lachinayi ndi limene linandipweteka koposa. Tinafika isanakwane 8 koloko, tinakhala pabenchi panja pa ofesi mpaka cha m'ma 10 koloko, ndipo titalowa m'pamene ndinamva koyamba kuti pali ndalama yolipira. Magalasi atatuwo anawawerengera K8,000 limodzi, yonse pamodzi K24,000, ndipo poti omenyanawo anali awiri, gawo langa linali K12,000. Ndinatulutsa ndalamayo m'chikwama pomwepo, koma akalaliki a zachuma anakana kuilandira pamanja, nati ndikaike kuakaunti ya sukulu kubanki ndi kubweretsa silipi. Lamulo limeneli ndi labwino, chifukwa limateteza kholo ndi mphunzitsi yemwe, koma likanalembedwa m'kalata ija pamodzi ndi nambala ya akaunti ndikanalipira sabata yoyamba. Ndinatsikira m'tauni, ndinaima pamzere wa kumapeto kwa mwezi, ndipo pobwerera ndinapeza achiwiri kwa ahedi atapita kumsonkhano. Panalibe wina amene anavomera kusaina m'malo mwawo. Mwana anakhala panja tsiku lonse akumva anzake akuphunzira, chilango chake chitatha kale. Pasilipi ya kubanki lembani dzina la mwana, fomu yake ndi chifukwa cholipirira, muijambulitse fotokope musanaipereke, ndipo musachoke opanda risiti ya sukulu.

Ndaiwala kunena kuti Lolemba lija ndinapemphanso kuti andilembere mlandu weniweni umene komiti inapeza, chifukwa mwana akamafotokoza yekha kunyumba amasiya mbali imene ikumuipira. Kupempha zimenezi si mwano. Gawo 43 la malamulo oyendetsera dziko lino limapatsa munthu ufulu wouzidwa zifukwa mochita kulemba pamene ofesi ya boma yapanga chiganizo chokhudza ufulu wake, ndipo sukulu imene mwana wanga amaphunzira ndi ya boma. Atandilembera m'pamene ndinadziwa kuti woyamba kuponya chibakera anali wanga yemwe.

Lachisanu anatipatsa pepala loti ine ndi mwana tisaine, ndipo mfundo yake yaikulu inali yakuti akadzaonetsanso khalidwe loipa lililonse adzachotsedwa sukulu. Apa ndinakana kugwira cholembera. Khalidwe loipa lililonse ndi chiyani? Kuchedwa chifukwa minibasi yachedwa kudzaza nakonso ndi khalidwe loipa? Nanga mawu akuti lililonse adzatha liti, kapena adzam'tsatira mpaka adzalembe mayeso a MSCE? Mfundo imene mwana sangathe kuifotokoza m'mawu ake sangathenso kuisunga, ndipo kholo losaina mawu otakasuka chotere lavomereza pasadakhale chilango cha mlandu umene silikuudziwa. Ndinapempha ahedi kuti tikhale pansi ndi kulembanso pepalalo m'Chichewa, ndipo ndiyenera kunena chilungamo kuti iwo sanavute.

Pepala latsopanolo linanena kuti mwana sadzamenya kapena kuopseza wophunzira aliyense, ndipo wina akamuputa akanene kwa aphunzitsi a kalasi yake, amene dzina lawo linalembedwa pomwepo. Linanenanso kuti Lachisanu lililonse azikaonekera kwa aphunzitsi omwewo kuti asaine m'kabuku kosonyeza kuti wafika masiku onse ndipo sanapalamule, ine n'kumasainanso kunyumba. Zonsezi zidzatha pa tsiku lotsekera teremu ino, ndipo ngati kabukuko kali bwino nkhaniyo idzatsekedwa. Tinasiyanitsanso zolakwa: kuchedwa kapena kuiwala buku kudzalangidwa monga amalangidwira wophunzira wina aliyense, koma akadzamenyanso munthu nkhani idzabwerera kukomiti, ine ndidzaitanidwa, ndipo mwana adzapatsidwa mpata wofotokoza mbali yake chiganizo chisanapangidwe.

Mbali imene makolo ambiri timaiiwala ndi ya zimene sukulu nayo iyenera kuchita. Mwana wanga anaphonya masabata awiri athunthu ndi tsiku limodzi, ndipo m'katimo munali mayeso a masamu a pakati pa teremu. Mwana wobwerera m'kalasi asakumva chilichonse ndiye amayamba kusokoneza anzake, kenako n'kuoneka ngati waswa pangano. Choncho tinalemba kuti ali ndi sabata imodzi yokopera notsi zonse, kuti aphunzitsi a kalasi adzaziona, ndipo mayeso a masamuwo adzalemba Lachitatu likudzali akaweruka.

Tisanasaine, ahedi anatembenukira kwa mwanayo n'kumuuza kuti afotokoze yekha zimene wamva, osayang'ana papepala. Anafotokoza zonse koma anasokoneza za kabuku, poganiza kuti azikasainitsa tsiku lililonse, ndipo tinakonza pomwepo. Njira imeneyi ndinaikonda kuposa kum'funsa ngati wamva, chifukwa mwana amene ali pamaso pa ahedi ndi mayi ake amangoti inde. Tinasaina anthu anayi: ahedi, aphunzitsi a kalasi, mwana ndi ine. Ndinaumirira kuti adinde chidindo ndi kundipatsa pepala langa, ndipo poti makina a fotokope a pasukulupo anali atawonongeka, ndinathamangira pakashopu ka pamsewu kukajambulitsa. Ndibwerezenso: chilichonse chimene mwagwirizana chilembedwe, chidindidwe, ndipo pepala lina mupite nalo kunyumba, chifukwa aphunzitsi amasamutsidwa ndipo wobwera m'malo mwawo sadzadziwa zimene munakambirana pakamwa.

Potuluka mu ofesimo mwana anandifunsa kuti, “Amayi, ndilowe m'kalasi pompano kapena ndidikire belu?” Ngakhale zimenezo sitinalembe, choncho ndinabwereranso kukafunsa, ndipo aphunzitsi a kalasi anam'perekeza okha kuti amene anali kuphunzitsa nthawi imeneyo asam'bwezenso pakhomo.