Majuzi awiri a bambo Chiko, zomwe ndaona chiperoni chino

Paja mu Meyi ndinanena kuti ndikuluka majuzi awiri ofanana, ina ya wulu wa m'shopu uja, ina ya ubweya weniweni wa nkhosa. Onse ndinamaliza, ndipo bambo Chiko akhala akusinthanitsa kuyambira Juni poti amagwira ntchito ya ulonda usiku kuno ku Thyolo, ndiye kuzizira kwake amakudziwa bwino kuposa ine.

Choyamba amayi anzanga, wulu amene timagula uja ambiri si ubweya ayi, ndi akiriliki, pulasitiki basi. Ine ndinagula mipira isanu ya magalamu 100 ku Limbe, singano za 4 mm. Ubweya weniweni watsopano mtengo wake sindikanakwanitsa, ndiye ndinapita pa kaunjika ku Bvumbwe ndikupeza juzi yaikulu yong'ambika pachigongono, ndinaimasula yonse masiku atatu, ulusi wake wopotanapotana ndinauviika m'madzi ozizira ndikuupachika kuti uwongoke. Ndalama zochepa koma msana unamva. Kuti mudziwe ngati ndi ubweya, dulani kachidutswa muyatse ndi machesi. Ubweya umanunkha ngati tsitsi lopsa, moto umazima wokha, phulusa lake limafikisika ndi zala. Akiriliki amayaka ndithu ndikusungunuka, kutsala kachibulu kakuda kolimba. Chifukwa chake ya akiriliki ndawaletsa kuyandikira nayo mbaula, ikagwira moto imamata pakhungu.

Pa kutentha, usiku wouma akuti kusiyana sikwenikweni. Nkhani ili pa chiperoni, kamvula kowazawaza kaja ndi nkhungu yotsika m'minda ya tiyi. Ubweya umamwa chinyezi mkati mwa ulusi, mpaka pafupifupi 30% ya kulemera kwake, koma pakhungu osamveka kunyowa. Akiriliki samwa madzi kwenikweni, ndiye akayenda kuzungulira mpanda thukuta limangokhala pathupi, akakhala pansi cha m'ma 3 koloko limazizira ndipo mphepo imalowa. Tsiku lina anabwera m'mawa ndikuti "amake Chiko, iyi ya buluuyi muzindipatsa masana, usiku ikundipweteka." Ya buluuyo ndi ya akiriliki.

Zothetheka zija nazo. Usiku wopanda mitambo, mpweya utauma, akamavula ya akiriliki mumdima imalira thethethe mpaka timoto kuoneka, tsitsi la pamkono kuima, makamaka akavalira mkati malaya a nayiloni. Masiku a chiperoni sizichitika poti chinyezi chimachotsa magetsiwo. Ya ubweya sindinaimvepo ikulira.

Timibulu tinatuluka pa onse awiri, m'khwapa ndi paphewa pomwe pamadutsa lamba wa chikwama. Ta ubweya ndikangotola ndi zala timachoka. Ta akiriliki timakakamira chifukwa ulusi wake ndi wolimba suduka, ndimachita kumeta ndi lezala juzi nditaiyala patebulo, pakatha masabata awiri tabweranso.

Koma kuchapa ndi kumene ubweya unandiliza. Ndinaluka tizidutswa tiwiri toyesera, masitichi 22, masentimita 10 mbali zonse, ndikutichapa monga timachapira zovala zonse, madzi otentha, sopo waufa, kufikisa pamwala. Ka akiriliki kanatuluka chimodzimodzi, pofika masana kauma. Ka ubweya kanabwerera mpaka pafupifupi masentimita 8, kolimba ngati chipewa cha agogo, masitichi osaonekanso. Ubweya uli ndi timamba ting'onoting'ono, ukakumana ndi kutentha, sopo ndi kufikisa timambato timakolana ndipo sizibwereranso, kaya mukoke bwanji. Mwayi wake kanali kachidutswa osati juzi ya mwezi wathunthu.

Panopa ya ubweya ndimaichapa ndekha, Chiko ndamuletsa kuikhudza. Madzi ozizira m'beseni, kashampu pang'ono, kuviika mphindi khumi, kufinya mofatsa osapotokola, kutsukuluza ndi madzi ozizira omwewo, kenako kuikulunga mu thawulo ndikupondaponda, ndikuiyala pamkeka pamthunzi. Pachingwe ayi, madzi amailemetsa imatalika. Vuto ndi kuuma, sabata ija ya chiperoni inatenga masiku atatu ili chinyowere ndipo nyumba yonse kafungo ka nkhosa. Chabwino chake siigwira fungo la thukuta msanga, kungoiyanika pamphepo m'mawa basi, chiyambire Juni ndaichapa kawiri kokha pomwe inzake ndi sabata iliyonse. Inzakeyo mdani wake ndi simbi, mukaisita imafota ndikutambasuka osabwereranso.

Za ana ndipitiriza akiriliki, sindingamachape mofatsa juzi ya mwana woseweretsa dothi. Ubweya wanditsalira ngati magalamu 120, ndayamba chipewa chophimba makutu cha bambo Chiko, ndili pa mzere wa 14. Ikafika Seputembala zonse za ubweya ndizichapa, ziume bwinobwino, ndikuzitsekera mu chidebe chifukwa njenjete zimadya ubweya koma akiriliki sizimukhudza.