Pepala limodzi la ndondomeko ndi mafunso a vaiva kuchokera m'buku la mu labu

Buku la mapulakitiko a kemisitiri limafotokoza taitireshoni, njira yopezera mphamvu ya mankhwala powathira pang'onopang'ono mu ena odziwika mphamvu, m'masamba angapo, koma dzanja likakhala pa kampopi ka byureti, chubu cha miyezo chomwe umathirira asidi, nthawi yotsegula masamba sipezeka. N'chifukwa chake ine, ndisanalowe mu labu ku Mzuni, ndimakhala pansi kunyumba ku Luwinga n'kupinda pepala limodzi pakati. Kumanzere ndimalemba zochita, kumanja funso lomwe aphunzitsi angandifunse pa vaiva, mayeso apakamwa.

Nditenge pulakitiko yopeza mphamvu ya asidi wa HCl pogwiritsa ntchito NaOH ya 0.10 mol/dm³. Ndimayamba n'kudula mzere pansi pa mawu onse olamula, monga tsuka, yeza, thira, werenga. Liwu lililonse limapeza mzere wakewake, pamodzi ndi muyezo wake: yeza 25.0 cm³ ya NaOH ndi pipeti, thira m'fulasiki, onjezera madontho awiri a fenofutalini, amene amasandutsa NaOH kukhala wa pinki mpaka asidi atathana naye.

Pomwe ndimachedwa kwambiri ndi pamene buku lalamula osanena chifukwa, popeza mafunso amaphukira pomwepo. Buku limangoti tsuka byureti ndi asidi. Kumanja ndimalemba kuti, bwanji osangotsuka ndi madzi? Yankho lake: madzi otsalira amasungunula asidi, ndiye pamafunika wambiri kuti athane ndi NaOH, ndipo mphamvu yomwe uwerengetse imatsika. Koma fulasiki ija imatsukidwa ndi madzi otchezedwa okha. Ukaitsuka ndi NaOH wawonjezera mamolo omwe sunayeze, pomwe madzi sasintha mamolo. Apa ndi pomwe ambiri amagwidwa, chifukwa amaloweza zoti chilichonse chimatsukidwa ndi mankhwala ake.

Zina buku silitchula n'komwe, ndimaziwonjezera ndekha. Chotsa fanelo usanawerenge. Suzumira kunsi kwa kampopi, chifukwa kathovu ka mpweya kakabisala pamenepo kamadzatuluka m'kati mwa ntchito n'kukweza nambala. Kadontho kotsala kunsonga ya pipeti usakauzire, anakawerengera kale popanga pipetiyo. Mtundu ukayamba kuzilala pomwe asidi akugwera, thira kadontho kamodzikamodzi uku ukuzunguza fulasiki, mpaka pinki yense athe.

M'munsi mwa pepala ndimajambula tebulo lopanda kanthu, kenako ndimayeserera masamu ndi nambala zongopeka. Tinene kuti koyamba ndapeza 20.60, kenako 20.05 ndi 19.95. Yoyambayo inali yongofufuzira, sindiiwerengera. Ziwiri zinazo zasiyana ndi 0.10 basi, ndipo pakati pake ndi 20.00 cm³.

```
n(NaOH) = 0.10 × 25.0/1000 = 0.0025 mol
c(HCl) = 0.0025/0.0200 = 0.125 mol/dm³
```

Pambali pa masamuwo ndimaika funso loti, nanga asidiyo akanakhala H₂SO₄? Molo imodzi ya H₂SO₄ imathana ndi mamolo awiri a NaOH, choncho yankho likanakhala theka, 0.0625 mol/dm³.

Ndikamaliza ndimapatsa mnzanga pepalalo, iye n'kumawerenga mafunso a kumanja mosatsata dongosolo, ine n'kumayankha mokweza. Funso lomwe ndachita nalo chibwibwi ndimalichonga, n'kubwerera nalo m'buku tsiku lomwelo.