Kontena ili ku Beira, koma kalata ili m'manja mwa yani?

Bizinesi yathu ndi yogulitsa zipangizo za zigayo ku Limbe: masefa, mahamala, mabelingi, malamba ndi mainjini a dizilo. Poyamba tinkapikula katunduyu kwa ogulitsa akuluakulu a mumzinda momwemo, koma phindu linkathera m'manja mwawo, choncho tinayamba kuitanitsa tokha kuchokera ku mafakitale a ku China. Katundu wolemera amabwera pa sitima mpaka ku doko la Beira, kenako pa thiraki kudzera pa chipata cha Mwanza, pomwe tizipangizo ting'onoting'ono tofunika mwachangu timabwera pa ndege. Pa njira zimenezi takumana ndi makalata atatu osiyana onyamulira katundu, BL, weyibilo ya panyanja ndi weyibilo ya ndege, ndipo chimene chimawasiyanitsa kwenikweni si sitima kapena ndege ayi, koma funso lakuti ndani ali ndi mphamvu pa katunduyo pa nthawi imene ndalama zisanamalizidwe kulipidwa.

Kontena yathu yoyamba inabwera ndi kalata imene maejenti okiliyalitsa katundu amangoitchula kuti BL. Pa kope imene wogulitsa anatitumizira pa imelo, mutu wake unali `BILL OF LADING`. Kalata imeneyi imagwira ntchito zitatu nthawi imodzi. Ndi lisiti yosonyeza kuti kampani ya sitima yalandira katundu, ndi umboni wa pangano la mayendedwe, komanso ndi kalata yoimira katundu yemweyo, kotero kuti amene waigwira movomerezeka ndiye angauze kampani ya sitima kuti impatse kontena. Ntchito yachitatuyi ndi imene makalata awiri enawo alibe. BL ili ngati kiyi wa nkhokwe: chimanga chikhoza kukhala chanu ndithu, koma ngati kiyi ali m'thumba mwa wina, mudikira.

Mwachizolowezi, makalata enieni a BL amatuluka atatu ofanana, ndipo pa pepalapo pamalembedwa chiwerengero chake. Imodzi ikaperekedwa ku ofesi ya kampani ya sitima, ziwiri zinazo zimatha mphamvu. Kope ya pa imelo, ngakhale ikhale yooneka bwino chotani, sitsegula geti la doko.

Mgwirizano wathu ndi fakitale unali wodziwika kwa aliyense amene amagula ku China: 30 pa 100 iliyonse polamula katundu, ndipo 70 yotsalayo tikaona kope ya BL. Pa katundu wa madola 20,000, tinatumiza 6,000 poyamba, ndipo 14,000 inayenera kupita sitima ili panyanja. Dongosolo limeneli limateteza mbali zonse ziwiri. Ife sitilipira ndalama zambiri tisanaone umboni wakuti kontena yakwera sitima, umene umaonekera pa mawu akuti `SHIPPED ON BOARD` ndi tsiku lake, ndipo fakitale sipereka makalata enieni ndalama zisanalowe. Vuto lake ndi lakuti kuno kwathu makwacha akhoza kukhala mu akaunti, koma madola ku banki palibe. Tinakhala pa mndandanda wodikira ndalama zakunja mpaka sitima inakocheza ku Beira, masiku aulere amene kampani ya sitima imapereka anatha, ndipo ndalama za chilango cha kuchedwa, zimene maejenti amazitcha demareji, zinayamba kuwerengedwa tsiku ndi tsiku m'madola, pamwamba pa ndalama zosungira kontena pa doko. Zonsezi zinkachitika m'nyengo yokolola, pamene eni zigayo ankabwera pa kauntala kudzafunsa masefa n'kubwerera chimanjamanja.

Madola atapezeka, panali njira ziwiri. Fakitale ikanatha kutumiza makalata enieni kudzera kwa kampani yonyamula makalata mwachangu, zimene zikanawonjezera masiku ena komanso ngozi yakuti envulopu isochere. BL yeniyeni ikatayika, kampani ya sitima sipereka katundu mwaulere: imafuna kalata yolonjeza kubweza chilichonse chimene ingadzaluze, ndipo kawirikawiri imafuna kuti banki iikepo chikole choposa mtengo wa katunduyo. Njira yachiwiri, imene tinasankha, ndi imene amaitcha teleksi. Wogulitsa amabweza makalata onse atatu ku ofesi ya kampani ya sitima kwawo konko, ofesiyo imatumiza uthenga ku ofesi ya ku doko lofikira kuti katundu aperekedwe popanda pepala, ndipo kope imene mumalandira imakhala ndi chidindo cha `SURRENDERED` kapena `TELEX RELEASE`. Chidindo chokhacho sichokwanira, chifukwa aliyense akhoza kuchijambula pa kompyuta. Ejenti wathu amafunsa ofesi ya ku Beira ngati uthengawo ukuoneka m'makina awo asanatumize thiraki, popeza thiraki yodikira pa geti nayo imalipiritsa.

Pa BL pali bokosi limodzi limene ndimaliwerenga ndisanayang'ane china chilichonse, la `Consignee`, kutanthauza wolandira katundu. Likakhala ndi dzina la kampani yathu, katunduyo ndi wopita kwa ife basi. Likakhala ndi mawu akuti `TO ORDER`, kalatayo ikhoza kusamutsidwa kwa munthu wina pongosaina kumbuyo kwake, ndipo katundu akhoza kugulitsidwa akadali pakati pa nyanja. Mabanki amakonda mtundu umenewu. Pamene malonda akuyenda pa kalata ya banki yolonjeza kulipira, imene amaitcha LC, nthawi zambiri BL imalembedwa molamulidwa ndi bankiyo, ndipo wogula saiona kufikira atakonza za ngongole yake. Dzina lathu likhoza kukhala m'bokosi la `Notify Party`, koma kumeneko ndi kongouzidwa kuti sitima yafika, sikupereka mphamvu iliyonse.

Titagulana ndi fakitale ija kwa zaka zingapo, inavomera kutipatsa katundu pa ngongole ya masiku 60 kuchokera tsiku limene sitima yanyamuka. Apa BL inasanduka mtolo wopanda ntchito, chifukwa panalibenso chifukwa chogwirira katundu podikira ndalama. Tinasamukira ku weyibilo ya panyanja, imene mutu wake ndi `SEA WAYBILL` ndipo imalembedwa poyera kuti `NON-NEGOTIABLE`. Iyi ndi lisiti komanso umboni wa pangano, koma siimira katundu. Palibe makalata enieni oti ayende ulendo wawo paokha, ndipo kampani ya sitima imapereka kontena kwa amene dzina lake lalembedwa ngati wolandira, bola atsimikize kuti ndi iyeyo ndipo ndalama za sitima ndi za pa doko zalipidwa. N'chifukwa chake kalatayi imagwiritsidwa ntchito pakati pa nthambi za kampani imodzi, pakati pa anthu okhulupirirana, pamene wogula walipira zonse kale, kapenanso pa maulendo afupiafupi amene sitima imafika pepala lisanafike.

Pali chinthu chimodzi chimene ogula ambiri sachidziwa pa weyibilo ya panyanja. Pa malamulo amene makampani ambiri a sitima amatsatira, wotumiza amakhalabe ndi mphamvu yosintha dzina la wolandira kufikira pamene wolandirayo wabwera kudzatenga katundu, pokhapokha ngati wotumizayo anasiya mphamvuyo molemba. Choncho amene walipira zonse kwa wogulitsa wosamudziwa bwino, n'kulandira weyibilo, asaganize kuti wagwira chilichonse. Mbali inayo ilinso ndi ngozi yake. Anzathu amene amatumiza nandolo ku India akavomera weyibilo kwa wogula watsopano amene sanalipire, amakhala atapereka katundu wawo sitima ikangofika, ndipo chotsala n'kumangoimba foni. Wogulitsa amene sanalandire ndalama ayenera kuumirira BL, ndipo pa zimenezi sindiona mpata wokambirana.

Weyibilo ya ndege, AWB, ndi m'bale wa weyibilo ya panyanja, osati wa BL. Ndege imafika pa masiku ochepa, choncho dongosolo lodikira pepala lenileni silikanatheka, ndipo AWB sisamutsidwa posaina kumbuyo. Ilinso ndi makalata enieni atatu, ina ya kampani ya ndege, ina ya wolandira imene imayenda ndi katundu, ndi ina ya wotumiza, koma kugwira limodzi la mapepalawa sikupanga munthu kukhala mwini katundu. Pangano lake pa maulendo ambiri limayendera mgwirizano wa ku Montreal wa 1999, umene umaika malire a chipukuta misozi potengera makilogalamu, osati mtengo wa chinthu. Kwa ife izi ndi zofunika, chifukwa kabokosi ka manozo ndi mapampu a injini ndi kopepuka koma kodula, ndipo kakatayika popanda inshuwalansi, chimene kampani ya ndege ingabweze ndi chochepa kwambiri.

Popeza AWB siteteza wogulitsa, katundu wa pa ndege timalipiriratu yense asananyamuke, ndipo chitetezo chathu chimakhala pa kutsimikiza kuti nambala ya AWB imene tapatsidwa ndi yeniyeni. Nambalayi ili ndi manambala 11. Atatu oyambirira ndi a kampani ya ndege, monga 071 ya Ethiopian Airlines kapena 706 ya Kenya Airways, asanu ndi awiri otsatira ndi a katunduyo, ndipo yomaliza ndi yotsala mukagawa asanu ndi awiriwo ndi 7. Mwachitsanzo, 1234567 kugawa ndi 7 imatsala 5, choncho nambala yolondola ingakhale `071-12345675`. Ikapanda kugwirizana, mwina yalembedwa molakwika kapena ndi yopeka, ndipo ngakhale igwirizane, timaiyesabe pa tsamba la kampani ya ndegeyo kuti tione ngati kulemera kwake ndi bwalo lofikira, Chileka kapena Kamuzu, zikufanana ndi zimene tauzidwa.

Chosokoneza china chimabwera tikatumiza katundu wosadzaza kontena, wophatikizana ndi wa anthu ena. Pamenepo pamakhala makalata awiri. Kampani ya sitima kapena ya ndege imapereka kalata yaikulu kwa kampani yosonkhanitsa katundu, ndipo yosonkhanitsayo imapereka kalata yake yaing'ono kwa ife. Mitundu yake ikhoza kusiyana: yaikulu kukhala weyibilo, yaing'ono kukhala BL yofuna pepala lenileni. Zinatichitikirapo kuti kalata yathu yaing'ono inali itamasulidwa, koma katundu sanatuluke chifukwa wosonkhanitsa wina anali asanalipire kampani ya sitima pa kalata yaikulu, ndipo kampani ya sitimayo sinkatidziwa n'komwe, chifukwa dzina lathu silinali pa pepala lake.

Masiku ano, sitima isananyamuke, timapempha kope yoyeserera ya kalata iliyonse n'kuitumiza kwa ejenti wathu. Iye amaona ngati palembedwa kuti katunduyo ndi wongodutsa ku Mozambique kupita ku Malawi, ngati malo operekera katundu ndi Beira kapena Blantyre, popeza zimenezi zimasonyeza amene alipire thiraki, komanso ngati kulemera, chiwerengero cha makatoni ndi nambala ya loko wa kontena zikufanana ndi invoisi imene idzaperekedwe ku MRA. Kukonza cholakwika pa kope yoyeserera sikulipiritsa kanthu, pomwe kukonza mndandanda wa katundu wa m'sitima utaperekedwa kale ku kasitomu ya ku Beira kumafuna ndalama, ndipo demareji siima podikira kuti chilembo chimodzi chisinthidwe.